Magawo 2 pa 100: Chifukwa Chake Gasi Wochepa Amatha Kuphulitsa Khitchini

Mabanja ambiri m'matauni mwathu tayamba kuphikira gasi. Makala akukwera mtengo, magetsi amazimazima, ndipo chitofu cha gasi sichidetsa mapoto kapena kutsokomoletsa ophika. Komabe ambirife timaopa silinda. Timaiyang'ana ngati bomba lomwe tsiku lina lidzangophulika lokha. Zoona zake n'zakuti pa ngozi zambiri za m'khitchini, chimene chimaphulika si silinda ayi. Chimaphulika ndi mpweya wa m'chipindamo, utasakanikirana ndi gasi wochepa yemwe wathawa. Kawirikawiri ozimitsa moto amakapeza silinda ili chiimire, gasi wambiri akadali m'kati, koma mawindo ndi chitseko zitachoka.

Kuti timvetse zimenezi tiyenera kudziwa mfundo imodzi: gasi sayaka pa muyeso uliwonse. Ali ndi malire ake, ndipo malire a m'munsi ndi otsika kwambiri kuposa mmene ambiri timaganizira.

Malire awiri

Gasi wa m'silinda, yemwe amalembedwa kuti LPG, ndi msakanizo wa mitundu iwiri ya gasi, pulopeni ndi byuteni. Monga nkhuni kapena makala, gasiyu sangayake popanda okosijeni wopezeka mu mpweya womwe timapuma. Kusiyana kwake n'kwakuti gasi ndi mpweya zimasakanikirana kotheratu, choncho kuchuluka kwa chilichonse mwa ziwirizi ndi kumene kumaweruza ngati moto uyake kapena ayi.

Gasi akachepetsetsa mu mpweya, ngakhale titayatsa machesi, moto sufalikira. Kagasi kali pafupi ndi machesiwo kamapsa, koma kutentha kwake sikukwanira kuyatsa kagasi koyandikana nako, ndipo moto umathera pomwepo. Gasi akachulukitsitsa, moto sufalikiranso, chifukwa tsopano okosijeni ndi amene waperewera. Pakati pa malire awiriwa ndi pamene pali ngozi.

Pulopeni amayaka akakhala pakati pa magawo 2.1 ndi 9.5 pa magawo 100 alionse a mpweya. Byuteni amayambira cha pa 1.8 kufika cha pa 8.4. Kuti tisavutike ndi kukumbukira, tingonena kuti gasi wophikira amayaka kuyambira pa magawo 2 kufika pa magawo 10 pa 100. Kuyaka kwamphamvu kwambiri kumachitika cha pa magawo 4, pamene gasi ndi okosijeni zimakwanirana ndendende. Apatu ndiye kuti lita imodzi ya gasi yasakanikirana ndi malita pafupifupi 24 a mpweya.

Mitundu ina ya gasi ili ndi malire ake. Metheni, gasi wochokera ku ndowe ndi zinyalala zowola yemwe mabanja ena amaphikira, amayaka kuyambira pa magawo 5 kufika pa 15. Haidulojeni amayaka kuyambira pa 4 mpaka 75. Tikayerekeza, gasi wa m'silinda ali ndi mpata wochepa woyakira, koma mpatawo umayambira pansi kwambiri. Magawo 98 a mpweya wa m'khitchini akhoza kukhala abwinobwino, munthu n'kumapuma osamva chizungulire, koma magawo 2 otsalawo akhala okwanira.

Mfundo imeneyi ikufotokozanso chifukwa chake moto wa pachitofu subwerera m'payipi kukalowa m'silinda. M'kati mwa silinda ndi m'payipi muli gasi yekhayekha, kutali pamwamba pa malire a magawo 10. Chitofu chili ndi kabowo kokokera mpweya kuti usakanikirane ndi gasi asanafike pamoto. Malawi abuluu amatiuza kuti msakanizo uli bwino, pomwe malawi achikasu odetsa poto amatiuza kuti mpweya ukuchepa. Kunena mwachidule, chitofu ndi chipangizo chosakanizira gasi ndi mpweya pang'onopang'ono, n'kumawotcha msakanizowo nthawi yomweyo usanaunjikane. Gasi akamathawa, khitchini yonse ndi imene imagwira ntchito yosakanizayo, ndipo palibe chowotcha msakanizowo kufikira utachuluka.

Tiwerengere khitchini imodzi

Titenge khitchini ya mamita 3 m'litali, mamita 3 m'lifupi ndi mamita 2.5 kuchoka pansi kufika kusiling'i. Mpweya wa m'khitchini imeneyi ndi malita 22,500. Magawo 2 pa 100 a malita amenewa ndi malita 450, omwe ndi madiramu awiri a malita 200 ndi pang'ono.

Malita 450 akumveka ambiri, koma tikumbukire kuti m'silinda gasi amakhala wopanikizidwa mpaka kusanduka madzimadzi. Ndi amene timamumva akukhuthukira uku ndi uku tikagwedeza silinda. Akatuluka amafufuma kuwirikiza pafupifupi 250. Kilogalamu imodzi imapereka malita pafupifupi 500 a gasi. Choncho gasi wosakwana kilogalamu imodzi ndi wokwanira kufikitsa khitchini yonseyi pa malire oyakira. Silinda ya makilogalamu 9 ikhoza kutero m'makhitchini 10 otere.

Nanga zingatenge nthawi yaitali bwanji? Mbale imodzi ya chitofu yotsegulidwa kwambiri imatulutsa magalamu pafupifupi 150 pa ola, omwe ndi malita 75. Tiyerekeze kuti nyemba zinafufuma, msuzi n'kuzimitsa moto, ndipo palibe anaona. Zitseko ndi mawindo zili zotseka. Gasi atati asakanikirane mofanana m'chipinda chonse, pangapite maola 6 kuti afike pa magawo 2. Umenewu ndi usiku umodzi, kapena nthawi imene nyumba imakhala yokhoma tonse tili ku mapemphero tsiku la Sabata.

Koma gasi wa m'silinda sasakanikirana mofanana. Pulopeni amalemera kuposa mpweya kamodzi ndi theka, ndipo byuteni amalemera kawiri. Akatuluka amatsetserekera pansi ngati madzi, n'kumayala pasimenti, kulowa pansi pa makabati ndi m'ngalande. Ndiye tiwerengenso, koma tingotenga theka la mita kuchokera pansi, msinkhu wa m'mawondo. Mpweya wa gawo limeneli ndi malita 4,500, ndipo magawo 2 pa 100 ake ndi malita 90 okha. Amenewa ndi magalamu 180, ndowa zinayi ndi theka za malita 20. Mbale yozima ija imatulutsa gasi ameneyu pa ola limodzi ndi mphindi pang'ono.

Pomaliza tione kabati. Ambiri timakonda kubisa silinda m'kabati pansi pa chitofu kuti khitchini ioneke yaudongo. Kabati ya masentimita 60 mbali zonse imasunga malita 216 a mpweya, ndipo silindayo imatenganso malo ena. Magawo 2 pa 100 ndi malita 4 okha, osadzaza n'komwe chigubu cha malita 5. Gasi ameneyu akakhala madzimadzi ndi supuni imodzi yaikulu. Payipi yothina mosakwanira yomwe ikutaya magalamu 10 pa ola imafikitsa kabatiyo pa malirewo ola lisanathe. Kuthawa kotereku n'kochepa moti silinda ya makilogalamu 9 ingatenge mwezi ndi masiku angapo kuti ithe, ndipo mwini nyumba angangodandaula kuti gasi wa masiku ano sakhalitsa.

Mawerengero amenewa ndi a khitchini yotsekeka. M'nyumba zenizeni mpweya umalowa ndi kutuluka m'mipata, zomwe zimachedwetsa ngozi, ndipo n'chifukwa chake kupita kwa mphepo ndi chitetezo chachikulu. Koma mabowo a mpweya a m'nyumba zathu zambiri ali m'mwamba, pafupi ndi denga, chifukwa anawaikira utsi ndi kutentha zomwe zimakwera. Gasi wolemera safikako msanga. Chimene chimamutulutsa ndi mpata wa pansi pa chitseko chakunja kapena bowo la m'munsi mwa khoma.

Chifukwa chake kumaphulika m'malo mongoyaka

Pachitofu, magalamu 180 aja amapsa pang'onopang'ono kwa ola lathunthu. Akakhala osakanikirana kale ndi mpweya, onse amapsa pa sekondi imodzi kapena kucheperapo. Moto umathamanga mu msakanizowo n'kutenthetsa mpweya kufika pa madigiri oposa 1,500. Mpweya wotentha chonchi umafuna malo ochuluka kasanu ndi kawiri kapena kasanu ndi katatu kuposa omwe unali nawo. Panja umangofufuma n'kubalalika, ndipo timangomva kuti phu! M'chipinda chotseka ulibe kopita, choncho umakankha makoma, denga, mawindo ndi chitseko nthawi imodzi.

Nyumba zathu sizinamangidwe kuti zipirire kukankhidwa kuchokera m'kati. Mphamvu ya mpweya wa m'chipinda ikangokwera ndi gawo limodzi pa magawo 10, sikweya mita iliyonse ya khoma imakankhidwa ngati kuti yasenzetsedwa tani imodzi. Khoma la mamita 3 ndi 2.5 limalandira matani oposa 7. Magalasi amakhala atasweka kale isanafike pamenepo, ndipo khoma lopyapyala la njerwa limayamba kugonja cha pomwepo. Magalamu 180 a gasi ali ndi mphamvu yoposa pamenepa kangapo. N'chifukwa chake sipafunika kuti chipinda chonse chidzaze. Kusweka msanga kwa mawindo ndi kuyalulika kwa malata n'kumene nthawi zambiri kumapulumutsa makoma.

Ngozi ina yodziwika bwino kwa akatswiri a zomangamanga inachitika mumzinda wa London pa 16 Meyi 1968, m'nyumba yosanjikizana ka 22 yotchedwa Ronan Point. Mayi wina wokhala pa nsanjika ya 18 anayatsa machesi m'mamawa kuti awiritse madzi. Gasi anali atathawa pa nati yolumikizira chitofu yomwe inali yolakwika. Uyu anali gasi wa m'mapayipi a mzinda, osati wa m'silinda, koma lamulo la malire ndi lomwelo. Kuphulikako sikunali kwakukulu, pakuti mayiyo anapulumuka. Komabe kunakankhira kunja khoma lomwe linkachirikiza nsanjika za pamwamba, ngodya yonse ya nyumbayo inagumuka, ndipo anthu anayi anafa. Gwero lake linali nati imodzi.

Choyatsa sichisowa

Msakanizo ukafika pa muyeso woyenera, umafuna kamoto kochepa zedi. Kuthetheka komwe timamva tikamavula juzi ya nailoni nyengo yozizira kuli ndi mphamvu zokwanira. Swichi ya getsi imathetheka m'kati poyatsa ndiponso pozimitsa. Pulagi imathetheka poizula.

Firiji ndi yofunika kuiganizira mwapadera. Injini yake ili m'munsi, mmene gasi wolemera amaunjikana, ndipo imadziyatsa yokha popanda woikhudza. Magetsi akazima kwa maola angapo kenako n'kubwera pakati pa usiku, firiji ndi zonse zomwe tinasiya zoyatsa zimadzuka nthawi imodzi. Kuzima kwa magetsi kumabweretsanso kandulo ndi machesi, ndipo munthu amalowa nazo m'khitchini kuti akaone chomwe chikununkha. Mbaula ya makala yomwe taikhazika pakhomo la khitchini nayo ili pansi penipeni. Gasi akhoza kuyenderera pansi mpaka kuifika, moto n'kubwerera m'njira yomweyo kulowa m'nyumba.

Kachizindikiro kakang'ono ka zonsezi timakaona tikatsegula gasi n'kuchedwa kuyatsa machesi. Moto umalilima kuti bu! n'kuwaula nsidze. M'masekondi ochepawo gasi anali atapanga kale kamtambo ka msakanizo kuzungulira poto. Pa chitofu chosadziyatsa chokha, machesi ayambe ayaka, kenako titsegule gasi. Chikakana kuyaka, titseke, tidikire kuti fungo lithe, tiyesenso.

Gasi wochulukitsitsa si chitetezo

Wina anganene kuti ngati gasi wapitirira magawo 10 ndiye kuti ngozi yatha. Ayi ndithu. M'chipinda chomwe gasi akuthawa, muyeso sukhala umodzi. Pafupi ndi pothawira pamakhala gasi wochulukitsitsa, kudenga wochepetsetsa, ndipo penapake pakati pamakhala muyeso woyaka. Komanso tikatsegula chitseko kuti gasi atuluke, muyeso umatsika kuchoka pamwamba, ndipo sungafike pansi pa magawo 2 osadutsa pakati pa 10 ndi 2. Mphindi zoyambirira titatsegula zitseko zikhoza kukhala zoopsa kuposa zonse. Kutsegula n'koyenera, koma si chilolezo choti tiyatse getsi pompo.

Mphuno imathandiza, koma ili ndi malire

Pulopeni ndi byuteni pazokha sizinunkha. Fungo longa la kabichi wowola lomwe timalimva ndi la mankhwala omwe amathiramo dala. Amathira okwanira kuti munthu amve fungo gasi akadali pa gawo limodzi mwa magawo asanu a malire a m'munsi aja. Choncho fungo ndi chenjezo lobwera nthawi ikadalipo.

Vuto n'lakuti mphuno ili pamtunda wa mita ndi theka, pomwe gasi ali m'mapazi. Kafungo kochepa tikaimirira kakhoza kutanthauza gasi wambiri pansi. Mphuno imazoloweranso fungo pakapita mphindi zingapo, moti timaganiza kuti latha pamene likadalipo. Munthu wodwala chimfine ndi agogo ena samva fungo bwino, ndipo munthu wogona fungo silimudzutsa. Tikagula kachipangizo kolira gasi akathawa, tikaike m'munsi, cha pa masentimita 30 kuchokera pansi. Tikakaika kudenga ngati kochenjeza za utsi, kadzalira mochedwa.

Tikamva fungo la gasi

Choyamba, tisakhudze swichi iliyonse. Getsi loyaka likhale loyaka, lozima likhale lozima. Tisazule pulagi, tisayatse fani kuti ithamangitse gasi, ndipo machesi, kandulo ndi laita zisayandikire. Ngati kuli mdima, tochi tiiyatsire panja tisanalowe.

Chachiwiri, titseke gasi pa silinda penipeni, osati pa chitofu pokha. Kenako titsegule zitseko ndi mawindo, makamaka chitseko chotulukira panja chifukwa ndi chimene chimafika pansi. Aliyense atuluke, kuyambira ana okwawa omwe ali m'munsi mmene muli gasi. Mbaula iliyonse yomwe ili pafupi izimitsidwe ndi madzi. Foni tiimbire panja.

Ngati silinda ikupitiriza kutulutsa gasi ngakhale tatseka, tiinyamule choimirira kupita nayo pabwalo, kutali ndi moto, ngalande, dzenje la zinyalala ndi mawindo a anansi, kenako tiitane ogulitsa. Tisaigoneke, chifukwa ikagona pamatuluka gasi wamadzimadzi uja yemwe amafufuma kuwirikiza 250. Tisabwerere m'khitchini kufikira fungo litatheratu ngakhale titawerama n'kununkhiza pansi ndi m'makabati.

Ngati moto wayaka kale pa payipi, njira yozimitsira ndi kutseka pa silinda, pokhapokha ngati tingafikepo osapsa. Kuzimitsa malawi gasi akutulukabe kumangosandutsa moto wooneka kukhala mtambo wosaoneka womwe ungaphulike. Ngati malawi akuwomba silinda yeniyeniyo ndipo sitingatseke, tonse tithawire kutali n'kuitana ozimitsa moto, chifukwa apa ndi pamene silinda yotenthedwa imatha kung'ambika. Munthu akapsa, pa bala tithirepo madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osapaka mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano, kenako tithamangire naye kuchipatala.

Kupeza pothawira gasi asanaunjikane

Malo othawira gasi ndi ochepa ndipo ndi odziwika. Pali kalabala komwe kamatseka mpata pakati pa silinda ndi legyuleta, komwe kamauma, kung'ambika kapena kusowa kumene. Pali nsonga ziwiri za payipi, zomwe ziyenera kumangidwa ndi zothinitsira zachitsulo, osati waya kapena mphira wa chubu. Pali payipi yeniyeniyo, yomwe imachita ming'alu ndi ukalamba, imapsa ikakhudza chitofu, ndiponso makoswe amaitafuna. Pomaliza pali makiyi a chitofu omwe mwana akhoza kupotokola.

Nthawi iliyonse tikasintha silinda, tisungunule sopo m'madzi mpaka achite thovu, titseke makiyi a chitofu, titsegule silinda, n'kupaka thovulo pa mfundo zonse ndi siponji. Thovu likamakula n'kumaphulikaphulika, pamenepo pakuthawa gasi. Titseke, tikonze kapena tisinthe, tiyesenso. Kuyesa ndi machesi, monga ena amachitira, ndi kupereka moto ku msakanizo womwe sitikudziwa muyeso wake. Payipi tiipinde pang'ono kuti tione ngati yayamba ming'alu, ndipo ikhale yopangidwira gasi, osati ya madzi. Silinda tizidzazitsa kwa ogulitsa ovomerezedwa ndi bungwe la MERA, chifukwa silinda siyenera kudzazidwa mpaka pakamwa. Pamafunika mpata woti gasi wamadzimadzi afufumire kunja kukatentha.

Pogula chitofu chatsopano, tifunse ngati chili ndi kachipangizo kotseka gasi moto ukazima. Ndi kachitsulo kooneka ngati nsonga ya pensulo pambali pa mbale, ndipo kakazizira gasi amadulidwa m'masekondi ochepa. Nkhani ya nyemba zofufuma ija imathera pomwepo. Silinda ikhale poyera pomwe mphepo imapita, ndipo ngati ili m'kabati, kabatiyo ikhale ndi mabowo m'munsi ndipo musakhale soketi ya magetsi.

Chizolowezi choposa zonse ndi kutseka pa silinda tikamaliza kuphika, makamaka pogona ndi pochoka pakhomo. Silinda ikatsekedwa, gasi yemwe angathawe ndi wotsala m'payipi yekha, wosadzaza n'komwe kapu imodzi. Ikasiyidwa yotsegula, kuseri kwa kabowo kalikonse kuli makilogalamu 9, ndipo khitchini yathu ija imangofuna magalamu 180.